Mbiri yanga yachidule m'Chichewa ndi m'Chingerezi: ndikonze pati kuti imveke ku Chipata, ku Angonia ndi ku Joni?

*Zikomo akonzi. Ndimasoka zovala ku Chilomoni, komanso ndimalemba maphunziro a kasokedwe amene anthu amawerenga pafoni. Owerenga ena ali konkuno, ena ku Chipata ndi ku Lusaka, ena ku Angonia, ambiri ndithu ku Joni. Tsopano ndikutulutsa kabuku, ndipo osindikiza akufuna mbiri yanga yachidule m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ya Chingerezi anandilembera mwana wa achemwali anga, ine n'kuimasulira, koma ndikaiwerenga sikundikomera. Ndakutumizirani zonse ziwiri. Ndikonze pati? — Nachisale, Chilomoni*

Mayi Nachisale, zonse ziwiri ndaziwerenga, ndipo khutu lanu silikukunamizani. Koma musataye nthawi n'kukonza chiganizo chimodzichimodzi. Ya Chichewayo iikeni kaye pambali, chifukwa vuto lake linayambira pa njira imene inabadwira. Mwana wa achemwali anu analemba akuganizira munthu wa kunja amene sadziwa n'komwe kuti Limbe ili kuti. Inu pomasulira munatsatira mapazi ake, ndiye mwapezeka mukuuza anthu a ku Ndirande zinthu zimene akuzidziwa kale, n'kusiya zimene iwo akadafuna kumva.

Ntchito imeneyi ichiteni monga mmene mumachitira kasitomala akafuna diresi ya chitenje ndi suti ya ku ofesi. Thupi mumaliyeza kamodzi, miyeso n'kulemba m'kope, kenaka chovala chilichonse mumachidula pachokha. Simutenga suti yosoka kale n'kuiphwasula kuti mupezemo diresi. Apanso yambani ndi pepala limodzi la mfundo, lopanda ziganizo zokoma, longoti dzina, malo, zaka, ntchito, sukulu, ndi njira yokupezerani. Pepala limeneli ndilo lidzalamulire mbiri zonse ziwiri. Zolembedwamo sizisintha mukachoka m'Chichewa kulowa m'Chingerezi. Chimene chimasintha ndi mfundo yoyambira, mfundo yofunika kuifotokoza, ndi mawu aulemu.

Ndikhalitse pa pepalali, poti mavuto ambiri a owerenga a m'mayiko osiyana amathera pomwepa.

Dzina lanu lilembedwe mofanana ndendende m'mbiri zonse ziwiri, ndiponso lifanane ndi limene lili pachikuto cha kabuku ndi limene limatuluka munthu akamakutumizirani ndalama pafoni. Mu zimene mwatumizazi, ya Chingerezi ili ndi dzina lanu loyamba ndi la amuna anu, pamene ya Chichewa ili ndi mfunda wokha. Amene amakudziwani saona vuto. Koma mayi wa ku Lusaka amene waona kabuku m'manja mwa mnzake, akapita kukafufuza dzina la m'Chingerezilo pafoni, sakupezani, chifukwa maphunziro anu mumawalemba ndi mfunda. Sankhani kalembedwe kamodzi, dzina lonse kenaka mfunda, ndipo kayende ponseponse. Ngati m'dzinamo muli ŵ kapena ng', gamulani lero kuti chizindikirocho muzichilemba kapena ayi, chifukwa foni ina imaona Mwaŵi ndi Mwawi ngati mayina awiri.

Malo ndiwo amasocheretsa kwambiri. Mwalemba kuti mumaphunzitsa atsikana "a m'dziko muno" ndipo mumachokera "m'chigawo cha kummwera". Mawu otere amadalira pamene owerengayo wakhala. Wa ku Katete akawerenga "dziko lino" amaganiza za Zambia, ndipo Zambia nayo ili ndi chigawo chake cha kummwera, kumene kuli Livingstone ndi Choma. Wa ku Joni akamati "kumudzi" amatanthauza Malawi yense, pamene inu mukati "kumudzi" mukunena kwa Bvumbwe. Choncho mawu onse olozera ndi chala, monga kuno, konkuno, dziko lino, boma lathu, achotseni, muikemo dzina lenileni la malo. Blantyre muitchule pamodzi ndi Malawi kamodzi kokha koyambirira, ngakhale m'Chichewa. Zimaoneka ngati zosafunika kwa ife okhala pansi pa phiri la Michiru, koma kabuku kakawoloka pa Mwanza kapena pa Mchinji, chiganizo chimenecho chimagwira ntchito. M'Chingerezi n'chofunika koposa, poti ku Scotland kulinso Blantyre, kwawo kwa David Livingstone kumene mzinda wathu unatengera dzina, ndipo ku Cameroon kulinso Limbe. Dzina loti Kabula lisungireni macheza.

Palinso zilembo ziwiri zimene ndaziona mu ya Chingereziyo, `T/A Bvumbwe`. Kwa ife zikutanthauza mfumu yaikulu ya dera lanu. Kwa munthu wa bizinesi ku South Africa kapena ku Mangalande, zilembo zomwezo zimaima patsogolo pa dzina limene kampani ikuchitira malonda, ndiye angaganize kuti shopu yanu dzina lake ndi Bvumbwe. M'Chingerezi ingonenani kuti munakulira m'boma la Thyolo, dera la minda ya tiyi kummwera kwa Malawi. M'Chichewa "kwa Bvumbwe, m'boma la Thyolo" n'zokwanira.

Tsopano ndalama. Mwaika m'mbiri kuti maphunziro a miyezi itatu ndi K60,000. Malawi ndi Zambia onse ndalama yawo ndi kwacha, onse amalemba K patsogolo, koma kwacha imodzi ya ku Zambia imagula makwacha athu makumi angapo. A ku Zambia anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo mu 2013, kotero K60,000 kwa munthu wa ku Chipata ndi chuma choti sangachiganizire pa maphunziro a kusoka. Atseka kabukuko poganiza kuti si ka anthu ngati iye. Wa ku Mozambiki naye ali ndi chizolowezi cha Chipwitikizi, mmene mpatuliro umalekanitsa ndalama yathunthu ndi timasenti, pamene dontho kapena mpata ndiwo umasonyeza masauzande. Mukalemba mtengo pena paliponse pofika m'mayiko ena, lembani chizindikiro chonse: `MWK` ya Malawi, `ZMW` ya Zambia, `MZN` ya Mozambiki, `ZAR` ya South Africa. Koma langizo langa lenileni n'lakuti m'mbiri musaikemo mtengo ngakhale pang'ono. Kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kabuku kamakhala m'nyumba za anthu zaka zambiri, ndipo mtengo wosindikizidwa udzakukanganitsani ndi makasitomala amene adzabwere atagwira tsamba lomwelo m'manja.

Chimodzimodzi ndi zaka. "Wakhala akusoka kwa zaka zoposa 15" ndi chiganizo chimene chimakalamba chaka chilichonse, ndipo nthawi zambiri munthu amakumbukira kukonza chilankhulo chimodzi n'kuiwala chinzake, mpaka mbiri ziwirizo kuyamba kutsutsana. Lembani chaka chimene munayamba, 2009, owerenga awerengetsere okha. Chiwerengero cha ophunzira chimangirireni ku chaka: pofika mu 2024 anali 40. Panopa ya Chingerezi ikuti pafupifupi 50, ya Chichewa ikuti 40. Anthu ambiri a ku Zambia ndi ku Joni amawerenga zilankhulo zonse ziwiri, ndipo akaona kusiyana kotere amayamba kukayikira zonse, ngakhale zoona.

Za sukulu ndidutsepo msanga. MSCE imadziwika ku Malawi kokha. Ku South Africa amati matiriki, ndipo mayiko enawo ali ndi mayina awoawo. M'Chingerezi nenani kuti munamaliza sekondale, basi. Setifiketi yanu ya TEVETA muitchule kuti ndi ya ku Malawi, chifukwa ku Zambia kulinso bungwe la maphunziro a ntchito zamanja la dzina lomweli. Nambala ya foni iyambe ndi `+265`, ziro woyambirira achoke.

Pepala la mfundo likatha, funso lalikulu ndi lakuti mbiri iliyonse ikulankhula ndi yani. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti Chichewa ndi cha a ku Malawi, Chingerezi ndi cha akunja. Owerenga anu sanagawikane chomwecho. Mayi wa ku Ulongwe kapena ku Tsangano anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, ndipo Chingerezi sichingamuthandize kwenikweni. Kwa iye mlatho wokhawo ndi Chichewa chanucho. Mmalawi wa ku Joni amagwira ntchito m'Chingerezi tsiku lonse, koma akafika panyumba amafuna kumva mawu a kwawo, ndipo ndi Chichewa chimene chingamukope kuti agule. Wa ku Lusaka amalankhula Chinyanja cha m'tauni, koma mwina anazolowera kuwerenga m'Chingerezi, ndiye aziyang'ana uku ndi uku. Chingerezi chokha chimatsalira ana obadwira kunja, mabwana a abale athu, ogulitsa mabuku ndi mabungwe amene angafune kukuitanani kukaphunzitsa.

Zikatero, mbiri ya Chichewa ndiyo ikuwoloka malire ambiri, ndipo iyenera kuima payokha, yathunthu, osatsamira pa inzake. Ndiyo muyambe kulemba, ndipo ndiyo ikhale pamwamba patsamba.

Taonani chiganizo choyamba cha imene munamasulira: "Nachisale ndi wopambana mphoto telala amene ali ndi chilakolako cha mafashoni ndi kupatsa mphamvu atsikana." Palibe munthu amene angalankhule chonchi pa mpando wa m'shopu mwanu. Mawu aimikidwa pamzere wa Chingerezi, "chilakolako" chikupititsa maganizo kwina kumene simunafune, ndipo "kupatsa mphamvu atsikana" ndi chilankhulo cha m'malipoti a mabungwe, chosaonetsa chimene mumachita ndi manja anu. Koma chachikulu ndi ichi: m'Chingerezi n'chizolowezi kuti munthu alembe za iye mwini ngati akunena za wina, n'kudzitchula dzina lopanda ulemu uliwonse, n'kuyamba ndi zimene wapambana. M'Chichewa njira imeneyi imakuikani pakona. Mukalemba "Nachisale ndi telala, amasoka", dzina lili lokhalokha, zikumveka ngati akukunenani munthu wopanda mwambo. Mukalemba "Mayi Nachisale ndi katswiri, iwo anapambana", aliyense akudziwa kuti mwalemba nokha, ndiye zikumveka ngati mukudziombera m'manja. Njira yotulukira ndi kulankhula ndi pakamwa panu, "ndine", "ndinayamba", monga mmene mumadzidziwitsira pamsonkhano wa amayi. Ikanakhala mbiri yolembedwa ndi osindikiza, dzina lawo lili pansi, apo "Mayi Nachisale" ndi "iwo" zikanakhala pamalo pake.

Ndatenga mfundo zanu zomwe n'kuzilemba mwatsopano. Pamene pali mfunda mudzaikepo dzina lonse.

*Ndine Nachisale, wosoka zovala za amayi ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre ku Malawi. Kwathu ndi kwa Bvumbwe, m'boma la Thyolo. Kusoka ndinaphunzira kwa azakhali anga, ndipo ndinayamba pandekha mu 2009 pakhonde la sitolo ku Limbe, ndi makina amodzi opalasa ndi phazi. Kuyambira mu 2016 ndimaphunzitsa atsikana kudula ndi kusoka, ndipo pofika mu 2024 amene anamaliza anali 40. Zimene zili m'kabuku aka ndi zomwezo zimene ndimawaphunzitsa: kuyeza thupi, kudula chitenje osawononga nsalu, kuika zipi ndi kusoka kolala. Miyeso yonse ndailemba m'mainchesi ndi m'masentimita.*

Onani zimene zachitika. Azakhali anu, khonde la ku Limbe ndi makina opalasa munazitchula m'kalata imene munaphatikiza, koma m'mbiri munazisiya, mwina poona ngati n'zochititsa manyazi pafupi ndi Chingerezi chonyezimira chija. Kwa owerenga anu zimenezi ndizo umboni. Aliyense wa ku Chipata kapena ku Dedza anamuonapo telala wa pakhonde, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu, ndipo akamva kuti munayambira pamenepo amakhulupirira kuti mukudziwa mavuto a munthu wa makina amodzi. Kutchula amene anakuphunzitsani kumachotsanso fungo la kudzitama, poti mwaonetsa kuti luso munachita kulandira. Mphoto ija ndaisiya dala, chifukwa simunanene kuti inali ya chiyani, anapereka ndani, chaka chanji. Ngati zitatuzi zilipo, ibwezereni m'chiganizo chimodzi chakumapeto, m'zilankhulo zonse ziwiri. Ngati inali ya pampingo kapena ya pa chionetsero cha m'dera, nenani chomwecho, anthu amalemekeza chinthu chotchulidwa dzina kuposa mawu akuluakulu opanda mwini.

Ndalemba "wosoka zovala" m'malo mwa "telala" chifukwa cha a ku Mozambiki. Ife ndi a ku Zambia timabwereka mawu ku Chingerezi, iwo amabwereka ku Chipwitikizi, kotero pamene pali mawu enieni a Chichewa amene tonse tinayamwira, sankhani amenewo. Pamene palibe, monga zipi ndi kolala, musavutike kupeka mawu atsopano. Chithunzi cha m'kabuku chidzathandiza. Chitenje ku Mozambiki amati kapulana, koma a m'malire amachidziwa bwino dzina lathuli. Chiganizo chotsiriza, cha miyeso, ndachiika poganiza iwo omwewo. Matelala athu ambiri amayeza m'mainchesi, pamene wophunzira wa ku Mozambiki anazolowera masentimita. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye chiuno cha mainchesi 32 ndi pafupifupi masentimita 81. Munthu akaona m'mbiri momwemo kuti mwamuganizira, amadziwa kuti kabukuko kamuthandiza. Koma mulembe chiganizochi pokhapokha ngati m'kabukumo mwachitadi zimenezo.

Mawu a achinyamata a mu Blantyre muwapewe, ngakhale amakometsa maphunziro anu a pafoni. "Geni" ndi "shapu" sizifika kutali, ndipo mukati "dola" potanthauza ndalama, wa kunja aganiza za ndalama ya ku Amerika.

Ena adzakuuzani kuti musinthe kalembedwe kuti kafanane ndi ka ku Zambia. N'zoona kuti kalembedwe kamasiyana. M'mabuku a ku Zambia ndi ku Mozambiki amalemba c pamene ife timalemba ch, ndiye mupeza Cinyanja, cakudya, citenje, ndipo a ku Zambia amalembanso nchito pamene ife timati ntchito. Ngakhale kuno kale tinkalemba chomwecho. Amene ali ndi Baibulo lakale la agogo akatsegule aone Cipangano Catsopano. Musasinthe. Lembani kalembedwe ka ku Malawi kamene mumakadziwa, mosasakaniza, chifukwa owerenga a kumeneko anakazolowera kudzera m'mabuku a mapemphero ndi nyimbo, ndipo c ndi ch sizilepheretsa munthu kumva. Chimene chimakhumudwitsa ndi kusakaniza, mzere uno chitenje, mzere winawo citenje, ngati kuti sanawerengenso ndi munthu. Mukakayika pa liwu, Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba ndi pothawira pabwino.

Koma dzina la chilankhulocho muliganizire. Kuno lakhala Chichewa kuyambira mu 1968, pamene boma la Kamuzu Banda linachisankha kukhala chilankhulo cha dziko n'kusiya dzina loti Chinyanja. Ku Zambia ndi ku Mozambiki dzina lakalelo likadalipo. Achewa a m'mayiko atatuwa amakumana chaka ndi chaka ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo amamvana popanda womasulira, koma si aliyense wolankhula chilankhulochi amene ali Mchewa. Choncho pamutu pa mbiriyo, kapena pachikuto pamene mukunena chilankhulo cha kabuku, lembani mayina onse awiri, Chichewa ndi Chinyanja. Ndi mawu amodzi owonjezera, koma wogulitsa mabuku ku Lusaka adzadziwa shelefu yoti aikepo.

Ya Chingerezi tsopano. Mwana wa achemwali anu ailembenso, koma mumupatse pepala la mfundo lija, osati mbiri ya Chichewa, kuopa kuti angayambe kumasulira mobwerera. Iyi ikhoza kunena za inu ngati munthu wina, poti ndicho chizolowezi cha kumeneko ndipo mabungwe amakonda kuikopera mmene ilili pa mapulogalamu a misonkhano. Chiganizo choyamba chinene dzina, ntchito, mzinda ndi dziko. Chachiwiri chinene za kuphunzitsa, chaka cha 2016 ndi atsikana 40 aja, chifukwa wowerenga Chingerezi nthawi zambiri akufuna kudziwa ngati angakuitaneni kapena kugulira ena kabukuko. Chitenje achifotokoze ndi mawu atatu kapena anayi, kuti ndi nsalu ya maluwa imene amayi amavala ndi kusoketsa, koma dzina lake lisachoke. Mfunda aufotokoze kamodzi, kuti ndi dzina la mtundu limene owerenga anu amakudziwani nalo, apo ayi mlendo adzaganiza kuti ndi dzina lanu loyamba n'kumakuitanani molakwika m'makalata. Khonde la ku Limbe likhalemo, koma anene kuti Limbe ndi dera la malonda la mzinda wa Blantyre. Kwa Bvumbwe kukhoza kutsala. Ndipo pakhale chiganizo chimodzi chimene mu ya Chichewa mulibe: chonena kuti kabukuko kalembedwa m'Chichewa. Popanda chimenechi wina adzaitanitsa makope khumi poganiza kuti ndi a Chingerezi.

Mukuona kuti mbiri ziwirizi sizifanana mzere ndi mzere, ndipo siziyenera kutero. Lamulo ndi limodzi: china chikhoza kupezeka mu imodzi n'kusowa mu inzake, koma pasapezeke chimene imodzi ikunena inzake n'kuchitsutsa. Ndikuchenjezeninso pa chinthu chimene ndimachiona kawirikawiri pa ntchito yanga ya ukonzi. Munthu amadzikweza m'Chingerezi, kudzitcha mkulu wa sukulu ya mafashoni, kenaka m'Chichewa n'kudzichepetsa kuti "ndimangoyesako zosokasoka". Amaganiza kuti magulu awiriwo sadzakumana. Amakumana, ndipo amakhala munthu mmodzi yemweyo, wa ku Joni uja, amene wawerenga zonse ziwiri n'kudabwa kuti woona ndi uti. Msinkhu umene mwadzipatsa ukhale umodzi: wosoka ndi wophunzitsa, wa zaka zakutizakuti pa ntchito.

Osindikiza akakupatsani malire a kutalika, afunseni ngati akuwerenga mawu kapena malo a patsamba. Chichewa chimamanga zambiri m'liwu limodzi. "Ndimawaphunzitsa" ndi liwu limodzi la zilembo 16, pamene Chingerezi chingafune mawu atatu aafupi. Ndiye mawu 80 a Chichewa amadya malo ambiri kuposa mawu 80 a Chingerezi. Mukapanda kunena, wokonza tsamba amangochepetsa zilembo za Chichewa kuti zikwane, kapena kudula mzere wotsiriza osafunsa, poti mwina iye akuona ngati ndi kumasulira chabe kwa zimene zili kale m'Chingerezi. Muuzeni kuti zilembo zikhale za msinkhu umodzi, Chichewa chipatsidwe malo okulirapo, ndipo ngati pafunika kudula mudule ndinu. Muonenso mmene makina adulira mawu kumapeto kwa mzere, chifukwa amatsata malamulo a Chingerezi ndipo amatha kulekanitsa n ndi g' kapena m ndi ph pakati. Ndi bwino kuwapempha azimitse kudula mawuko pa ndime ya Chichewa.

Mudzafunanso yaifupi ya pafoni. Pa Instagram malo a mbiri ndi zilembo 150, pa X ndi 160, ndipo zilankhulo ziwiri zathunthu sizingakwanemo. Musayese kufinya zonse. Ikani mzere umodzi wa Chichewa wonena chimene munthu apeze, monga "Ndimaphunzitsa kudula ndi kusoka zovala za chitenje", umene ndi zilembo pafupifupi 50, kenaka mawu ochepa a Chingerezi onena ntchito yanu, kenaka Blantyre, Malawi, zimene zimawerengeka m'chilankhulo chilichonse. Pa malo amene amalola mbiri yaitali, foni imaonetsa mizere yoyambirira yokha, yotsalayo mpaka munthu adine. Ndiye mzere woyamba weniweni unene kuti Chingerezi chili m'munsi, kuti wosamva Chichewa asabwerere pakhomo.

Musanatumize kwa osindikiza, yesani mbiriyo pa anthu enieni. Ya Chichewa muiwerenge mokweza pamaso pa ophunzira anu. Pamene lilime lapunthwa kapena pamene wina wamwetulira mosayenera, pali Chingerezi chobisala pansi. Kenaka tumizani kwa owerenga atatu amene mumalemberana nawo kale, wa ku Zambia, wa ku Mozambiki ndi wa ku Joni. Musawafunse ngati ili bwino, chifukwa mwaulemu wathu onse adzati ili bwino kwambiri. Afunseni kuti akuuzeni m'mawu awoawo kuti munthuyu ndani, ali kuti, ndipo m'kabukumo muli chiyani, komanso atchule liwu lililonse limene anaima nalo. Wa ku Angonia akayankha kuti muli ku Thyolo, ndiye kuti chiganizo cha kwanu chaphimba cha kumene mukukhala, musinthe dongosolo. Wa ku Lusaka akafunsa kuti "kupalasa ndi phazi" n'kutani, onjezani kuti makina osagwiritsa ntchito magetsi.

Chotsiriza ndi ntchito ya pensulo. Ikani mbiri ziwirizo pambalipambali, pepala la mfundo pakati, muzichonga dzina ndi dzina, chaka ndi chaka, nambala ndi nambala: 2009, 2016, 2024, 40, ndi manambala onse a foni. Muchitenso chimodzimodzi pa tsamba loyeserera limene osindikiza adzakupatseni asanayambe kusindikiza makope onse, chifukwa nthawi zina amalembanso pamanja ndipo Chichewa ndicho chimavulala, makamaka kompyuta ikamakonza yokha mawu amene sikuwadziwa. Pepala la mfundolo lisungeni m'kope la miyeso, mulembepo tsiku, mwezi m'mawu osati m'manambala. Mukadzasamutsa shopu kapena kusintha nambala, muyambe kukonza pepalalo, kenaka mbiri zonse ziwiri tsiku lomwelo, pamodzi ndi zazifupi za pafoni zija.